Pepani sapoletsa chilonda: kalata ya bwana amene waphwanya lonjezo

Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda, ndipo ambiri akamva mwambi umenewu amaganiza kuti kupepesa n'kutaya nthawi chabe. Ine sindiumva choncho. Ndimaona kuti mwambiwu ukutiuza kuti pepani asamabwere chimanjamanja, azibwera atanyamula mankhwala. Lero ndikufuna tikambirane za kalata imene bwana amalembera anthu ogwira ntchito pansi pake akaphwanya lonjezo limene anawapatsa. Bwanayo akhoza kukhala manijala wa kampani, kapitawo wa pa esiteti kapena mphunzitsi wamkulu pasukulu. Maganizo anga ndi akuti kalata yotere iyenera kulembedwa ngati kalata yovomera ngongole. Iyenera kunena chimene chinalonjezedwa, amene anasankha kuti chisachitike, ndi tsiku limene ngongoleyo ibwezedwe. Ikasowa zinthu zitatu zimenezi, kaya ikhale ndi mau ozuna chotani, bwanayo wangowononga pepala ndi inki.

Kumudzi zimenezi timazidziwa kale. Ng'ombe zanu zikadya chimanga cha mnzanu ndipo nkhani yafika pabwalo, simungogwada n'kunena kuti pepani kenako n'kumapita kwanu. A mfumu amafuna kumva pakamwa panu kuti ng'ombezo ndi zanu, amatumiza anthu kukaona mizere imene yawonongeka, kenako amagamula chimene mupereke ndi tsiku lopereka. Pepani amabwera limodzi ndi nkhuku, mbuzi kapena thumba la chimanga. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo akavala tayi n'kukhala mu ofesi amaiwala zonsezi, n'kumalembera anzake kalata yodzaza ndi mau akuti "chifukwa cha zovuta zina" ngati kuti zovutazo ndi zimene zinaimirira pamsonkhano n'kulonjeza.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tiyerekeze sukulu ya sekondale yomwe si yaboma. Mu Disembala, ahedi aitanitsa aphunzitsi 8 a fomu 4 n'kuwapempha kuti asapite kutchuthi msanga, koma aphunzitse masiku 10 oonjezera pokonzekeretsa ana mayeso a MSCE. Awalonjeza K10,000 patsiku, kutanthauza K100,000 mphunzitsi aliyense, zonse pamodzi K800,000, ndipo anena kuti ndalamazo zidzaperekedwa pa 31 Januwale ana akalipira fizi ya teremu yachiwiri. Aphunzitsi aphunzitsa masiku onse khumi. Pa 6 Januwale mphepo ya mkuntho yasasula denga la makalasi awiri. Pa 8 Januwale ahedi ndi mwini sukulu agwirizana kutenga K600,000 pa ndalama zija kugulira malata ndi misomali komanso kulipira kalipentala. Ahedi sanauze munthu. Pa 20 Januwale mphunzitsi wina wawafunsa mu sitafulumu za ndalama zija, iwo n'kuyankha kuti zili m'njira. Tsiku la 31 lafika, ladutsa, kuli zii.

Taonani bwino apa, abale anga. Kukonza denga sikunali kulakwa. Mphunzitsi aliyense wanzeru zake akudziwa kuti ana sangaphunzire mvula ikuwagwera pamutu, ndipo akanafunsidwa pa 8 Januwale, ambiri akanang'ung'udza pang'ono kenako n'kuvomera kudikira. Zolakwa zili ziwiri. Choyamba, ahedi anagwiritsa ntchito ndalama zimene anali atalonjeza kale kwa anthu popanda kuwauza eni ake. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, anayankha kuti ndalama zili m'njira akudziwa kuti zili padenga. Kalata yawo ikangokamba za mphepo, ndiye kuti yapepesa pa chinthu chimene palibe amene wakwiya nacho, n'kusiya chimene chikuwawa anthu.

Kalata imene timaiona kawirikawiri pa bolodi la zidziwitso imakhala yaifupi. Imati akuluakulu a sukulu akudziwitsa aphunzitsi onse kuti chifukwa cha mavuto a zachuma alawansi ichedwerapo, akupepesa ngati pali ena amene akhumudwa, ndipo akupempha onse kuti adekhe mitima poti zonse zikonzedwa posachedwapa. Kalata imeneyi ili ndi mabowo anayi. Mau akuti "akuluakulu a sukulu" abisa munthu amene analonjeza. Mau akuti "ichedwerapo" abisa kuti ndalama zinapita kwina. Mau akuti "ngati pali ena amene akhumudwa" akukayikira kuti alipo amene walakwiridwa, ndipo akupangitsa wodandaula kuoneka ngati wosachedwa kupsa mtima. Mau akuti "posachedwapa" ndi lonjezo latsopano lopanda tsiku, lochokera kwa munthu amene wangophwanya kumene lonjezo lokhala ndi tsiku.

Nkhani ya kupepesa anthu ophunzira anaifufuzapo. Mu 2016, Roy Lewicki wa pa yunivesite ya Ohio State ku America pamodzi ndi anzake awiri, Beth Polin ndi Robert Lount, anafalitsa kafukufuku amene anachita pa anthu 755. Anagawa kupepesa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, zomwe ndi kusonyeza chisoni, kufotokoza chimene chinachitika, kuvomera kuti wolakwa ndi iweyo, kunena kuti sudzabwerezanso, kunena mmene ukonzere zimene zawonongeka, ndi kupempha chikhululukiro. Kenako anapatsa anthu aja mapepani osiyanasiyana, ena okhala ndi zigawo zonse, ena zochepa, kuti anene amene awagwira mtima. Chimene chinaposa zonse chinali kuvomera kuti wolakwa ndi iweyo. Chachiwiri chinali kunena mmene ukonzere. Chimene chinali kumapeto kwenikweni chinali kupempha chikhululukiro. Anthuwo ankangowerenga nkhani yongoyerekeza, sanali anthu amene alandidwadi kanthu, choncho tisatenge zotsatirazi ngati lamulo la Mose. Komabe zikugwirizana ndi zimene a mfumu amachita pabwalo. Ndiye taonaninso makalata athu a mu ofesi. Amadzaza tsamba ndi chigawo chomaliza chija, mundikhululukire, mudekhe mitima, tigwirane manja, koma zigawo ziwiri zoyambirira sazikhudza n'komwe.

Kuvomera kulakwa kumafuna mau akuti "ine". Chitsanzo chimene ndimachikonda pa mfundo imeneyi ndi cha kampani ya ku Canada yotchedwa Shopify, imene imathandiza anthu kugulitsa katundu pa intaneti. Mu Julayi 2022 kampaniyi inachotsa ntchito anthu pafupifupi 1,000, munthu mmodzi pa khumi aliwonse. Mkulu wake, Tobi Lütke, analembera antchito kalata. Anafotokoza kuti nthawi ya mliri wa kolona iye anaganiza kuti anthu apitiriza kugula zinthu pa intaneti mochuluka ngakhale mliri utatha, choncho analemba anthu ambiri ntchito, koma zinthu sizinayende mmene ankaganizira. Ananena poyera kuti chiganizocho chinali chake ndipo analakwitsa ndi iyeyo. Ananenanso chimene ochotsedwawo alandire, malipiro a masabata 16 kuonjezapo sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene munthu anagwirapo ntchito. Kalata imeneyi inali ndi zigawo ziwiri zofunika zija, mwini kulakwa ndi nambala yoti munthu akhoza kuiwerengera.

Koma nkhani ya Shopify sinathere pamenepo. Mu Febuluwale 2023 pulezidenti wa kampaniyo, Harley Finkelstein, anauza atolankhani kuti panalibe ganizo lochotsanso anthu ntchito. Mu Meyi chaka chomwecho kampaniyo inachotsa munthu mmodzi pa asanu aliwonse, n'kugulitsanso nthambi yake yonyamula katundu kwa kampani ina yotchedwa Flexport. Sindikunena kuti akuluakuluwo ananama dala, poti malonda amasintha. Koma dziikeni m'malo mwa wantchito amene anatsala. Kalata iliyonse imene ingabwere pambuyo pake, ngakhale italembedwa mwaluso chotani, iye aziiwerenga akukumbukira mau a mu Febuluwale aja. Phunziro lake kwa bwana aliyense ndi lakuti mau otonthoza amene umanena pambuyo pa kupepesa ndiwo oopsa kuposa onse, chifukwa anthu amawasunga ngati lisiti. Ahedi athu aja asalembe kuti zoterezi sizidzachitikanso pasukulu pano. Alibe mphamvu pa mphepo, ndipo alibe mphamvu pa thumba la mwini sukulu. Alonjeze chokhacho chimene chili m'manja mwawo, monga kuti ndalama zolonjezedwa zikafuna kukhudzidwa adzaitanitsa msonkhano asanazikhudze.

Palinso msampha wina, wopepesa pa chinthu cholakwika komanso mochedwa. Amene amatsatira ndale za ku Britain akukumbukira Nick Clegg, amene anali mtsogoleri wa chipani cha Liberal Democrats. Chisankho cha 2010 chisanachitike, iye ndi anzake anasainira lonjezo kwa ophunzira lakuti adzakana kukweza fizi ya ku yunivesite. Atalowa m'boma la mgwirizano, mu Disembala 2010 anavotera lamulo lolola kuti fizi ifike mapaundi 9,000 pachaka. Anadzapepesa mu Sepitembala 2012, patatha pafupifupi zaka ziwiri, ndipo chimene anapepesa chinali chakuti analonjeza chinthu chimene sanali wotsimikiza kuti angachikwanitse. Kukweza fiziko sanakupepese. Anthu anatenga mau ake aja n'kuwasandutsa nyimbo yoseketsa. Pa chisankho cha 2015 chipani chake chinatsika kuchoka pa aphungu 57 kufika pa 8. Zifukwa zinalipo zambiri, koma nkhani ya fizi inali pakamwa pa aliyense. Clegg sanali manijala wolembera antchito ake, koma matenda ake ndi omwewo amene timawaona m'maofesi. Bwana akalemba kuti ndikupepesa kuti ndinakulonjezani, wantchito amamva kuti cholakwa chinali kumupatsa chiyembekezo, ndipo ndalama zake aiwale. Si paja timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane? Herode yemwe uja, ngakhale anali woipa, anadziwa kuti mau onenedwa pamaso pa anthu sabwezedwa mwachisawawa.

Tsopano tibwere ku chinthu chovuta kwambiri m'kalata ya ahedi, yankho lija la pa 20 Januwale. Ambiri angalangize kuti alisiye, poti kulikumbutsa n'kudzimangirira chingwe pakhosi. Ine ndikuti alilembe. Mu 2006, Maurice Schweitzer ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania anachita kafukufuku pogwiritsa ntchito masewera opatsirana ndalama. Anapeza kuti munthu akakugwiritsa fuwa lamoto koma pambuyo pake n'kumachita zokhulupirika mobwerezabwereza, chikhulupiriro chimabwerera, ndipo lonjezo loti asintha limathandiza kuti chibwerere msanga. Koma ngati kulakwa komweko kunabwera limodzi ndi bodza, chikhulupiriro sichinabwerere chonse, ngakhale munthuyo anapepesa, analonjeza ndiponso anachita zabwino kambirimbiri. Apa pali zinthu ziwiri zoti bwana aziphunzire. Choyamba, kalata yabwino koposa ndi imene ikanalembedwa pa 9 Januwale, bodza lisanalowepo. Chachiwiri, ngati bodza lalowapo kale, asayembekezere kuti kalata imodzi ichapa zonse. Nanga n'kulitchuliranji? Chifukwa aphunzitsi akulidziwa kale. Sitafulumu ilibe chinsinsi. A bursar atchulapo kwa wina tsiku limene ndalama zinatuluka, kalipentala amamwa tiyi ndi alonda, ndipo aliyense waona malata atsopano akunyezimira. Kalata ikalumpha tsiku la 20, owerenga aona kuti ahedi akubisabe, ndiye bodza lakhala lachiwiri.

Nayi tsono kalata imene ine ndingafune kuti ahedi aja alembe pa 3 Febuluwale, yopita kwa aphunzitsi 8 aja, aliyense yakeyake mu envulopu.

"Aphunzitsi anzanga, mu Disembala ndinakupemphani kuti muphunzitse fomu 4 masiku 10 a tchuthi, ndipo ndinakulonjezani K100,000 aliyense pofika pa 31 Januwale. Inu munachita mbali yanu yonse. Ine sindinasunge lonjezo langa.

"Mphepo itasasula denga pa 6 Januwale, ndinagwirizana ndi mwini sukulu pa 8 Januwale kuti titenge K600,000 pa ndalama zanu kukonzera dengalo. Ndinavomereza ndine, ndipo ndinayenera kukufunsani kaye chifukwa ndalamazo zinali zanu kale. Sindinatero. Pa 20 Januwale mmodzi wa inu atandifunsa, ndinayankha kuti ndalama zili m'njira pamene ndinkadziwa kuti palibe. Sindinanene zoona, ndipo ndikupepesa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munasiya ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi, ndipo ena munali mutawerengera ndalamazi pa feteleza wobereketsa ndi fizi ya ana anu.

"Zimene zatsala ndi K200,000. Mawa aliyense alandira K25,000. Pa 28 Febuluwale aliyense adzalandira K35,000, ndipo pa 31 Malichi K40,000 yomaliza. Mwini sukulu wasainira ndondomeko imeneyi ndipo pepala lake lili kwa a bursar, aliyense akhoza kukaliona. Ngati ndingaone kuti tsiku lina mwa masiku amenewa likuvuta, ndidzakuuzani kutatsala sabata yathunthu.

"Kuyambira lero, ndalama zimene ndalonjeza munthu sindidzazigwiritsa ntchito ina ndisanakhale naye pansi. Lachinayi likudzali tikaweruka ndidzakhala mu sitafulumu kuti mundifunse chilichonse. Ine mnzanu pantchito, Mphunzitsi wamkulu."

Kalatayi ndi yaifupi, koma taonani zimene yachita. Yabwereza lonjezo ndi nambala zake, kuti pasakhale wonena kuti mwina sitinamvane. Yatchula mwini sukulu chifukwa analipodi, koma sinabisale kumbuyo kwake. Nkhani ya denga yaipatsa chiganizo chimodzi chokha, chifukwa kufotokoza kukatalika kumasanduka kudziikira kumbuyo. Yatchula zimene anthu ataya, ulendo wa kumudzi ndi feteleza, kusonyeza kuti wolembayo akudziwa kuti K100,000 ya mu Januwale si yofanana ndi K100,000 ya mu Malichi, poti chimanga sichidikira kuti fizi itoleredwe. Ndipo mulibe mau akuti mundikhululukire. Kukhululuka ndi mphatso imene olakwiridwa amapereka pa nthawi yawo. Bwana akaipempha m'kalata, wantchito amakakamizika kuyankha kuti palibe kanthu bwana, mumtima muli chiphuphu cha mkwiyo, chifukwa ndani angakanize chikhululukiro munthu amene amasainira tchuthi chake?

Muonenso kuti lonjezo lalikulu limodzi lagawidwa kukhala malonjezo ang'onoang'ono atatu, ndipo loyamba ndi la mawa lomwe. Zimenezi n'zadala. Munthu amene chikhulupiriro chake chasweka safuna kumva zambiri, amafuna kuona. K25,000 ikafika m'manja pa tsiku limene lanenedwa, kalata ija yayamba kulemera. Ya pa 28 Febuluwale ikafikanso, anthu ayamba kumasuka. Koma apa mpamene pali ngozi yaikulu. Ahedi asalembe masiku amenewa asanakhale pansi ndi a bursar kuona kuti ndi ana angati amene sanamalize fizi, ndiponso asanaone siginecha ya mwini sukulu ndi maso awo. Ngati K280,000 ya mu Febuluwale ili yokayikitsa, kuli bwino alembe ndalama yocheperapo kapena tsiku lakutali koma lotsimikizika. Lonjezo la m'kalata yopepesa likaphwanyika, palibenso kalata yachitatu imene ingawerengedwe.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Choyamba, amati kwathu kuno wamkulu sapepesa kwa ana, ndipo bwana akadzichepetsa chotere anthu amukwera pamutu. Ine ndaphunzitsa zaka zokwanira kuona kuti ulemu wa bwana umatha msanga pamene anthu akumuseka kuseri kusiyana ndi pamene wavomera poyera. Amene amati zili m'njira mwezi ndi mwezi amapatsidwa dzina lomwelo, ndipo ngakhale ana a fomu 1 amalidziwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene analandira udindo wolonjeza analandiranso udindo woyankha lonjezo likalephereka.

Chachiwiri, amati kulemba n'kudzipalira makala pamoto, chifukwa kalatayo ikhoza kukakhala umboni ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti. Zoona, ikhoza kukhala umboni. Koma ngongoleyo ilipo kale, anthu 8 anamva lonjezo ndi makutu awo ndipo kaundula wa masiku amene anaphunzitsa alipo. Anthu ambiri amapita kukadandaula kunja akaona kuti mkati mulibe amene akuvomera kuti pali ngongole. Komabe pali malire ake. Manijala asavomere m'dzina la kampani ngongole imene eni kampani sanaivomere. N'chifukwa chake ndati siginecha ya mwini sukulu ipezeke kalata isanatuluke. Ngati mwini sukulu wakana kusaina, ahedi alembe zoona zomwezo, kuti ndapempha, sindinapatsidwe tsiku, ndidzakuuzani yankho Lachisanu.

Chachitatu, amati nkhani zotere timakambirana pamaso, kalata ndi za azungu. Apa ndikugwirizana nawo pang'ono. Kalata yokha, yongoponyedwa patebulo bwana ali ku tauni, ndi mantha ovala jekete. Koma pakamwa pokha napo sipakwanira, chifukwa chimene chasweka ndi mau apakamwa omwewo. Ziwirizi ziyendere limodzi. Kalata ibwere kaye kuti anthu aiwerenge paokha, akwiye paokha, awerengere ndalama zawo, kenako msonkhano ubwere patatha tsiku limodzi kapena awiri. Pamsonkhanopo bwana alankhule pang'ono, amve zambiri. Wina akadzuka n'kulankhula mokalipa, asamulembe m'buku la mumtima kuti adzamuonetsa pa nthawi yogawa maphunziro. Akangotero, ena onse adziwa kuti kalata ija inali sewero.

Pali malonjezo ena amene sangabwezedwe ngati ndalama. Taganizani za ahedi a sukulu yaboma amene anauza mphunzitsi kuti ukatenga udindo woyang'anira dipatimenti ya sayansi chaka chino, ndionetsetsa kuti wakwezedwa giredi. Kukweza aphunzitsi aboma si ntchito ya ahedi, ndi ya bungwe la Teaching Service Commission. Apa kalata singaike tsiku lobwezera, ndipo ikayesa kutero ndiye kuti ikunamanso. Chimene ingachite ndi kunena mosabisa kuti ndinalonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwanga, ndipo inu munagwira ntchito chaka chathunthu modalira mau anga. Kenako ipereke chimene chili m'manja mwa ahedi, monga kalata yabwino yomuchitira umboni, kumuchepetsera mapiriyodi, kapena ufulu wotula udindowo popanda kumusungira chakukhosi. Kusiyana kwake ndi pepani wa Clegg n'kwakuti uyu akuvomera kuti mnzake wataya kanthu ndipo akubwezako zimene angathe.

Nanga bwana angadziwe bwanji kuti kalata yake yagwira ntchito? Asayese ndi mau a tsiku lomwelo. Anthu athu ndi aulemu, adzanena kuti zikomo bwana, tamva, ngakhale asanakhululuke. Ayese ndi tchuthi chotsatira. Akadzapemphanso anthu oti aphunzitse masiku oonjezera mu Epulo, kodi manja adzakwera? Ngati aliyense wapeza maliro kumudzi kapena akuti mutipatsiretu ndalama tisanagwire choko, chilonda chikadalipo, ndipo asakwiye nazo. Awapatsiretu theka, chifukwa umenewo ndi mtengo wa bodza lija. Chizindikiro china ndi chakuti anthu ayambanso kumubweretsera nkhani zoipa. Mphunzitsi akalowa mu ofesi n'kunena kuti bwana, silabasi ya masamu sitimaliza, ndiye kuti akukhulupirira kuti muno zoona zimaloledwa. Koma sitafulumu ikamati zii bwana akangolowa, pamene panali phokoso la nthabwala, ntchito ikadalipo yambiri.

Anzanga amene muli ndi anthu pansi panu, kaya ndi awiri kaya ndi makumi asanu, musanatumize kalata yanu yopepesa iwerengeni ngati kuti ndinu mwalandidwa. Fufuzani mau akuti "ine", fufuzani nambala, fufuzani tsiku. Ngati simukuzipeza, musaitumize, pitani kaye kwa wosunga chuma mukaone zimene zilipodi. Ndipo inu amene mwalandira kalata yotere, simukukakamizidwa kukhululuka lero. Isungeni bwino mu kabati, mudikire tsiku loyamba limene yatchula, muone ngati bwana wanu afike ndi nkhuku ija.